Ovataimu yanga yapita kuti?

"Ndimagwira ntchito ku Chikwawa. Mwezi wathawu ndinagwira ovataimu yambiri, koma zomwe zinalowa kubanki sizikufika pa zomwe ndinkawerengera. Pa peyisilipi pali gilosi, PAYE, penshoni, ine mutu waima. Kodi andibera?"

Achimwene, funso lanuli landikhudza pachilonda, chifukwa inenso ndinakalipirapo munthu wosalakwa pa nkhani yomweyi, kwinaku wolakwa weniweni ndikumupatsa moni m'mawa uliwonse.

Munali mu Okutobala 2024, ndikugwira ukalaliki pa kampani ina yonyamula katundu kuno kuchigwa. Amene amadziwa Okutobala wa ku Ngabu safuna kufotokozeredwa. Malata a ofesi ankalira okha ndi dzuwa, madzi a m'chigubu ankafunda ngati osambitsira mwana. Mwezi umenewo ndinkaweruka usiku, Loweruka ndi Lamlungu lomwe, ndipo m'kabuku kanga ndinalemba kuti ovataimu yakwana K120,000. Ndalamayo ndinali nditaidya kale m'mutu: matumba a simenti, fizi ya mwana wa mlongo wanga ku Nsanje, ndi ngongole ya kugolosale. Tsiku la malipiro foni italira, ndinapeza kuti zawonjezeka ndi K88,000 yokha.

Ndinalowa kwa mayi wolemba malipiro osagogoda. Mayiwo sanakweze mawu. Anatenga peyisilipi yanga, yomwe inali itanyowa ndi thukuta m'thumba la shati, naitembenuza, nayamba kulemba kumbuyo kwake ndi bolopeni yofiira. Pepalalo ndikadali nalo.

Besiki yanga, ndiye kuti malipiro okhazikika a pa kalata ya ntchito, inali K420,000. Gilosi ndi besikiyo kuphatikiza zonse zimene mwapeza mwezi umenewo asanaduleko kanthu. Mwezi wopanda ovataimu gilosi yanga inali K420,000 yomweyo, koma mwezi uwu inali K540,000. Pamenepa ndi pamene ambiri timagwera. Gilosi si ndalama yoti muiwerengere pogula simenti. Ndi nambala imene boma limayambirapo kuwerenga msonkho.

Msonkho wa PAYE sadula ndi mlingo umodzi pa ndalama yonse. Amaigawa m'magawo, gawo lililonse ndi mlingo wake. Kuyambira Epulo 2024, K150,000 yoyamba inalibe msonkho. K350,000 yotsatira, kukafika pa K500,000, inkadulidwa K25 pa K100 iliyonse. Yopitirira pamenepo inkadulidwa K30 pa K100 iliyonse, mpaka malipiro akuluakulu amene ine sindinawalotepo. Mwezi wamba, pa K420,000 yanga ankachotsa kaye K150,000 ija, yotsala K270,000 n'kuidula K67,500. Mwezi wa ovataimu gawo lachiwiri lija linadzaza, msonkho wake K87,500, ndipo K40,000 inasefukira m'gawo lachitatu n'kudulidwa K12,000. Pamodzi K99,500. Kusiyana kwa misonkho iwiriyi ndi K32,000, ndipo mukaichotsa pa K120,000 mupeza K88,000 yanga ija, yosasowa ngakhale tambala.

Chimene chinandiwawa n'chakuti ovataimu ilibe gawo lake laulere. Gawo lopanda msonkho besiki imakhala italidya kale, choncho kwacha iliyonse ya thukuta la usiku imagwera mumsonkho kuyambira yoyamba. Koma ndikane bodza lina limene ndimalimva pa depoti ya kabaza ku Nchalo komanso m'minibasi zokwera zitunda kupita ku Blantyre, lakuti ukadutsa malire a gawo amadula malipiro ako onse ndi mlingo wapamwamba, ndiye bola kukana ovataimu. Zimenezo n'zonama. Mlingo wapamwamba umagwira ndalama yokhayo yadutsa malire. Kwa ine inali K40,000 basi. Munthu wokana kukwezedwa malipiro poopa msonkho akudzimana yekha, ndipo ndikamumva akuphunzitsa anzake zimenezi ndimalephera kukhala chete, moti akazi anga anandiletsa kuyankha anthu m'minibasi.

Ndinapepesa kwa mayi aja, mawa lake n'kuwatengera mlamba wouma wa ku Bangula. Anaulandira, koma anandiuza kuti ndakwiyira mzere wolakwika.

Mzere umene sindinauyang'ane

Pansi pa PAYE panali penshoni, K21,000. Iyi sinasinthe ndi ovataimu, chifukwa pa pepala langa ankaiwerengera pa besiki yokha. Lamulo la penshoni, lomwe linayamba mu 2011 n'kukonzedwanso mu 2023, limati wantchito azisonkha K5 pa K100 iliyonse, ndipo bwana aziwonjezera yosachepera K10 pa K100 iliyonse kuchokera m'thumba mwake. Kwa ine ndiye kuti K21,000 yanga ndi K42,000 ya kampani, K63,000 mwezi uliwonse yopita ku kampani yosunga penshoni m'dzina langa. Gawo la bwana siliyenera kuchotsedwa pa malipiro anu. Mapeyisilipi ena amalisonyeza pambali kuti mungodziwa, ndipo anthu amadzidzimuka nalo, koma mukawonkhetsa zodulidwa siliyenera kukhalamo.

Msonkho ndi ndalama yopita, penshoni ndi yanu. Ine ndinkalira yopitayo, yangayo osaifunsa. Mwakachetechete mayi aja anandifunsa kuti sitetimenti ya penshoni ndinaiona liti komaliza. Sindinkadziwa n'komwe kuti kuli pepala lotero. Nditaitanitsa kwa osunga penshoni, ndinapeza miyezi yambirimbiri yopanda kanthu. Pa peyisilipi K21,000 inkadulidwa mokhulupirika, koma kumene inkayenera kupita sinkafika. Lamulo limapatsa bwana masiku 14 mwezi ukatha kuti atumize ndalamayo. Athu ankaigwiritsa ntchito kugulira dizilo ndi matayala, poganiza kuti adzabweza zinthu zikadzayenda.

Pano maganizo anga ndi ouma: bwana wodula penshoni osaitumiza ndi woipa kuposa wakatapila. Wakatapila amakuuza maso ndi maso kuti akudya zingati. Uyu amakupatsa pepala losindikizidwa bwino losonyeza kuti wasunga, iwe n'kumagona tulo. Ndipo kuno kwathu, kumene madzi a Shire ndi Ruo amatha kukokolola munda ndi mbuzi usiku umodzi monga tinaonera ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023, penshoni ndi chuma chokhacho cha wantchito chimene sichinyowa. Tinasonkhana anthu angapo n'kulemba kalata, titatchulamo kuti tikadandaula ku Reserve Bank of Malawi, komwe kuli woyang'anira makampani a penshoni. Zina anatumiza. Zina ndinachoka pantchitopo zisanafike.

Tsono inu chitani izi. Werengani maola a ovataimu m'kabuku kanu muone ngati gilosi ikugwirizana nawo, chifukwa zolakwika zambiri zimabisala pamenepo, osati pa msonkho. Magawo a PAYE amasintha ndi bajeti ya boma, choncho musagwiritse manambala anga a 2024. Funsani magawo a panopa ku MRA kapena kwa wolemba malipiro, muwerenge gawo ndi gawo monga anachitira mayi aja. Chotsani msonkho, penshoni, ndi zina monga adivansi kapena ngongole ya SACCO, ndipo yotsalayo, neti, ifanane ndi yomwe yalowa kubanki. Mzere uliwonse umene simunausayinire, ufunseni. Mukatero pemphani dzina la kampani yosunga penshoni yanu ndi nambala yanu ya umembala, muitanitse sitetimenti, muiyale pambali pa mapeyisilipi a miyezi isanu ndi umodzi yapitayi.