Banki m'khonde ndi matumba a chimanga

"Pa kafukufuku wathu tapeza kuti amayi a m'banki m'khonde amakolola chimanga chambiri kuposa anzawo. Kodi ndilembe mu lipoti kuti bankiyo ikuchulukitsa zokolola?"

Musalembe choncho, achimwene. Ine ndinalembapo, ndipo zimandipwetekabe mumtima.

Ndinali nditazungulira midzi ya ku Dedza ndi mafunso, nsapato zili fumbi lokhalokha. Manambala anatuluka bwino, ndinasangalala, lipoti ndinapereka. Patapita miyezi ndinakacheza kwa azakhali anga, omwe ali m'gulu lotere. Tikutong'ola chimanga pamphasa ndinawauza monyadira kuti banki yawo ndi imene yadzaza nkhokwe. Anasiya chitsononkho n'kundiyang'ana.

"Mwanawe, ndinalowa chaka chimene ndinagulitsa matumba otsala. Ukanakhala wopanda chogulitsa, masheya ukanagula ndi chiyani?"

Kuseri kwa nyumba yawo kumakhala mayi wamasiye wa kamunda kakang'ono, amene nthawi yopalira amakhala ali pa ganyu m'minda ya eni. Gulu silinamukane, koma ndalama yoponya sabata ndi sabata alibe. Pa pepala langa iye anali "wosalowa, wokolola zochepa", ngati kuti kusalowako ndiko kunamusowetsa chimanga. Chonsecho zokolola ndi zimene zinasankha olowa. Ndipo pansi pa zonsezi panali kukula kwa munda, komwe kumabweretsa matumba komanso ndalama ya masheya nthawi imodzi. Funso la munda ndinafunsa ndithu, koma mayankho ake sindinawayang'ane.

Sindikunyoza banki m'khonde ayi. Ngongole yake ikhoza kugulira munthu feteleza pa nthawi yake. Koma kafukufuku wofunsa anthu kamodzi sangakuuzeni chimene chinayamba, ndipo ndafika poona kuti kulemba "ikuchulukitsa" pa umboni wotere n'kulakwira osauka, chifukwa thandizo limatsatira malipoti athuwa. Ku Zomba, m'zaka za 2008 ndi 2009, ofufuza atafuna kudziwa ngati kupatsa atsikana ndalama kumawasunga pasukulu, madera olandira ndi osalandira anawasankha mwa maere. Anatero kuti pasakhale wodzisankha yekha. Magulu inu mwafunsawo anadzisankha okha.

Ndiye mutani?

Gawani mabanjawo potengera kukula kwa munda. Tiyerekeze kuti olowa akolola matumba 20, osalowa 12. Mukatenga a ekala imodzi okhaokha n'kupeza 11 ndi 10, ndiye kuti kusiyana kwakukulu kuja kunali kwa munda. Kukatsalabe kwakukulu, funsani aliyense chaka chimene analowa ndi matumba amene ankakolola asanalowe, podziwa kuti anthu amaiwala ndiponso mvula imasiyana chaka ndi chaka. Mu lipotimo lembani kuti "olowa amakolola zambiri kuposa osalowa", ndipo muonjezere kuti kafukufukuyu sanayeze chifukwa chake.