Kilipi ya bokosi langa ikungothyoka patsinde

"Achimwene, ndapulinta kabokosi ka kakompyuta ka Raspberry Pi pa pulintala ya 3D ndi pulasitiki ya PLA. Kilipi yogwira chivindikiro ndi yotalika 10 mm, yokhuthala 2 mm, mbedza yake yatuluka 1.5 mm. Ndikangokanikiza imathyoka patsinde. Ndiwonjezere kukhuthala? Nanga mbedza ipendekeke bwanji?"

Ayi mphwanga, usawonjezere. Imelo yakoyi nditaiwerenga ndinaseka ndekha, chifukwa inenso ndinaganizapo chimodzimodzi, ndipo ndinachita nazo manyazi pamaso pa munthu amene anali atalipira kale.

Anali bambo wina woika masola m'nyumba za anthu. Ankafuna timabokosi tobisa kachipangizo koyezera batire, totseguka popanda sikuluwu. Ndinajambula makilipi anayi, aafupi, onenepa, ooneka amphamvu ndithu pa kompyuta. Atafika ndinawapatsa bokosi kuti atseke okha. Anakanikiza ndi chala chachikulu, kunamveka thwa! Kilipi ina inagwera pansi pa tebulo. Bambowo sanalankhule kanthu, anangoŵerama, kuitola, n'kundipatsa m'manja ngati akundibwezera chenji. Usiku umenewo ndinakhuthalitsa onse kufika 3 mm. M'mawa anathyoka aŵiri nthawi imodzi, ndipo kuti atseke panafunika mphamvu ya manja onse. Ndinanamizira pulasitiki kuti ndi yachinyezi, ndinanamizira pulintala, ndinafika mpaka pomasula nozo yotulutsa pulasitiki n'kuitsuka. Mlungu wathunthu unapita, pulasitiki yodula ija ikuthera m'bini.

Chimene ndinachedwa kumvetsa n'chakuti kilipi siinyamula katundu ngati mtanda wa denga. Imakakamizidwa kupindika mtunda umene mbedza yalamula, ifune isafune. Ikapindika, mbali imodzi ya patsinde imatamuka, ndipo ikakhala yonenepa mbaliyo imatamuka kwambiri. Tenga nsungwi yosadula ndi kachizere kake kolukira lichero, upinde zonse mofanana, uone chimene chiyambe kulira. Masamu ake ndi mzere umodzi:

```
e = 1.5 * t * y / L^2
```

Apa `t` ndi kukhuthala, `y` ndi mtunda umene nsonga ikupindika, `L` ndi kutalika kuchokera patsinde kufika pa mbedza, ndipo `e` ndi kutamuka kwa pulasitiki patsindepo. Ikapo manambala ako. 1.5 kuchulukitsa ndi 2, kenako ndi 1.5, tipeza 4.5, kugawa ndi 100, tipeza 0.045. Ndiye kuti ukupempha PLA kuti itamuke ndi 4.5 peresenti. PLA ndi youma mtima, siilola zimenezo, makamaka ikakhala yopulinta. Yanga ya 3 mm ija, ndi manambala ngati akowa, ikanafika pafupifupi 6.8 peresenti. Ndinkathira palafini pamoto.

Ine lamulo langa ndi ili, ndipo ndi langa, lochokera m'bini muja: PLA sindiipitiriza 1 peresenti, pulasitiki ina ya PETG ndimailola kufika 2 ngati bokosi litsegulidwa mwa apo ndi apo. Ndipo ndinene mosabisa, PLA pa kilipi sindiifunanso. Imayamba kufewa kutentha kukayandikira madigiri 60, ndiye bokosi likatsala m'galimoto yotseka mawindo mu Okutobala, kilipi imakhala yopindika osabwereranso. Anthu amaikonda chifukwa imapulintika mosavuta. Chabwino, pulintani nayo zidole.

Pali china chimene chimandikwiyitsa ndikamaona mafayilo amene anthu amagawana. Kilipi yaimirira chilili pa bedi la pulintala, mizere yosanjikizana yadutsa chopingasa patsinde penipeni pamene ikutamuka. Pamenepo ngakhale masamu akhale olondola, chimene chikugwira si pulasitiki yeniyeni koma kumatana kwa mzere ndi mzere, ndipo kumatanako n'kofooka. Uyang'ane chidutswa chako chothyokacho. Ngati pothyokapo ndi posalala, pathyathyathya, ngati mwadula ndi lezala, ndiye kuti mizere yalekana, vuto ndi kagonekedwe. Ngati pali mokhadzuka ndiponso payera, ndiye kuti yatamuka mopyola. Kilipi igone chammbali, kuti nozo iziyenda kuchokera patsinde mpaka kunsonga osadukiza. Ngati bokosi silikulola, ine ndimapulinta kilipi payokha n'kuiloŵetsa m'kamphako, kapena ndimaisandutsa kalilime kodulidwa m'khoma la bokosi, kogona motsatira mizere.

Ndasochera. Tibwerere ku kilipi yako.

Kutalika ndi kukhuthala

Kutalika kuli ndi mphamvu kuposa zonse chifukwa `L` akudzichulukitsa yekha: ukaŵirikiza kaŵiri, kutamuka kumatsika kanayi. Italikitse ifike 16 mm, uichepetse kukhuthala ikhale 1.6 mm, amene ndi mizere inayi ya nozo ya 0.4 mm yopanda mphako mkati, ndipo mbedza ituluke 1 mm basi. Tsopano 1.5 kuchulukitsa ndi 1.6 ndi 1 tipeza 2.4, kugawa ndi 256 tipeza 0.0094. Watsika kuchoka pa 4.5 kufika pansi pa 1 peresenti, ndipo ngakhale PLA yakoyo ipirira. Patsinde usasiye kona yakuthwa, uizungulitse ndi `fillet` wa 0.8 mm, theka la kukhuthala, chifukwa mng'alu umayambira pa kona. Kumbuyo kwa kilipi usiye malo oposa 1 mm oti ipindikiremo. Ndinaiŵalapo zimenezi kilipi n'kumagunda bolodi.

Mbedza

Ili ndi nkhope ziŵiri, yoloŵera ndi yogwira, ndipo madigiri ake timayeza kuchokera ku njira imene chivindikiro chikuyenda. Choyamba upeze `P`, mphamvu yopinda kilipi, kenako `W`, yokankha:

```
P = b * t^2 * E * e / (6 * L)
W = P * (u + tan(a)) / (1 - u * tan(a))
```

`b` ndi mulifupi, titenge 8 mm. `E` ndi kuuma kwa pulasitiki, kwa PETG ndi pafupifupi 2000 MPa. Zikatero `P` akubwera 4 N. `a` ndi madigiri a nkhope ya mbedza, `u` ndi kukhulana kwa mbedza ndi pogwira pake. Ine ndimangoyerekeza 0.4 poti zopulinta n'zokhakhala. Nkhope yoloŵera ikakhala madigiri 30, ukankha ndi 5 N, kulemera kwa botolo la madzi la theka la lita. Pa madigiri 45 zikwera kufika 9 N, pa 60 zilumpha kufika 28 N. Pofika cha pa 68, `u * tan(a)` akwana 1, pansi pa mzere patsala ziro, ndipo kilipi siiterereka ngakhale ukhalepo. Ukakakamiza, mbedza ndiyo imabenthuka.

Ndiye koloŵera ika 30. Kogwira ika 45 ngati ukufuna kutsegula pongokoka, pakati pa 55 ndi 60 ngati ukufuna ligwire zolimba, 90 ngati lizitseguka pokhapokha munthu atakankha kilipi ndi chala kapena sikuludiraiva, ndipo pamenepo usaiŵale kaboo kokankhira. Ukatsalira pa PLA, mphamvu zonsezi zikwera kupitirira theka chifukwa ndi youma kwambiri.

Bokosi likatsekeka kilipi ibwerere mwakale, isakhale yopindika, apo ayi pakapita miyezi imatopa n'kusiya kugwira. Siya mpata wa 0.2 mm pakati pa mbedza ndi pogwira pake. Ndipo usapulinte bokosi lonse poyesa. Dula kakona kokhala ndi kilipi imodzi, upulinte, utseke ndi kutsegula maulendo makumi aŵiri, kenako uyang'ane patsinde poŵala. Pakaoneka kamzere koyera, wonjezera 2 mm pa kutalika, uyesenso.