Phindu lakwera koma malonda ndi omwewo: ovahedi yabisala m'sitoko

"Tili ndi kafakitale kopanga ndowa ndi mabeseni a pulasitiki. Mwezi watha tinagulitsa ndowa zochuluka chimodzimodzi ndi mwezi winawo, pa mtengo womwewo, koma akauntanti wathu akuti phindu lakwera, pomwe ku banki ndalama zachepa. Akuti nkhani yake ndi ya abusopushoni ndi valiyebo. Ndidalire njira iti powerengera mtengo wa katundu wathu?"

Achimwene, musanachite china chilichonse pitani m'nyumba yosungiramo katundu mukawerenge ndowa zomwe zatsala. Ndikukhulupirira kuti mukapeza zachuluka kuposa mmene zinalili kumayambiriro kwa mwezi, ndipo phindu lomwe mukulifunalo lili pamulu umenewo. Akauntanti wanu sanalakwitse masamu. Malangizo anga ndi akuti mabuku opita kunja, monga ku banki ndi kwa ofufuza mabuku, apitirize kuwalemba ndi abusopushoni, koma inu mumupemphe lipoti lachiwiri la valiyebo mwezi uliwonse, ndipo ziganizo zanu muzimanga poyang'ana limenelo.

Njira ziwirizi zimagwirizana pa zambiri. Zonse zimawerengera pulasitiki, malipiro a wantchito amene amalipidwa malinga ndi ndowa zomwe wapanga, ndi magetsi amene makina amadya akamazungulira. Izi ndi ndalama zomwe zimakwera mukapanga zambiri ndipo zimatsika mukapanga zochepa. Zimasiyana pa chinthu chimodzi chokha: ovahedi yosasintha ya m'fakitale, kutanthauza lendi, malipiro a kapitawo, inshuwalansi ndi kutha kwa makina, zomwe mumalipira ngakhale makina atakhala chete mwezi wonse. Abusopushoni imagawa ndalama imeneyi n'kusenzetsa ndowa iliyonse kagawo kake, ndiye ndowa ikapanda kugulidwa imakagona m'sitoko ndi kagawo kakeko. Valiyebo imati lendi ya mwezi uno ndi ya mwezi uno basi, ichotsedwe yonse pa zomwe mwapeza mwezi womwewo.

Tiyeni tiike manambala ongoyerekeza, inu mudzaikapo anu. Tinene kuti ndowa imodzi imadya 300 ya pulasitiki, 150 ya wantchito ndi 50 ya magetsi, zonse pamodzi 500. Mumaigulitsa 900. Ovahedi yosasintha ndi 2,000,000 pa mwezi, ndipo mwezi uliwonse mumagulitsa ndowa 8,000.

Mwezi woyamba mwapanga 8,000 n'kugulitsa zonse. Mukagawa 2,000,000 pa ndowa 8,000, iliyonse ikusenza 250, ndiye mtengo wake ndi 750 ndipo phindu ndi 150 kuchulukitsa ndi 8,000, zomwe ndi 1,200,000. Pa valiyebo ndowa iliyonse ikusiya 400 mukachotsa 500 ija, zonse pamodzi 3,200,000, ndipo mukachotsapo ovahedi yonse patsala 1,200,000. Palibe kusiyana, chifukwa palibe chatsala m'sitoko.

Mwezi wachiwiri ndi wanu uja. Mwapanga 10,000 koma mwagulitsa 8,000 zomwe zija. Ovahedi tsopano yagawidwa pa ndowa zambiri, iliyonse ikusenza 200 yokha, mtengo watsika kufika 700, ndipo phindu la abusopushoni lafika 1,600,000. Valiyebo ikunenabe 1,200,000, poti malonda sanasinthe ndipo lendi sinasinthe. Kusiyana kwa 400,000 kumeneko si kwachilendo: ndi ndowa 2,000 zotsala zija, iliyonse itanyamula 200 ya ovahedi. Lendi munalipira yonse, mwininyumba analandira, koma m'mabuku gawo lake lalembedwa ngati katundu amene muli naye, osati ngati ndalama yomwe yapita. Ndipo taonani chomwe chachitika ku banki. Kuti mupange ndowa 2,000 zowonjezerazo munatulutsa 500 pa iliyonse, zomwe ndi 1,000,000. Papepala phindu lakwera ndi 400,000, m'thumba mwachepa 1,000,000.

Ngongole imeneyi imabwera ndithu. Mwezi wachitatu mukaona kuti sitoko yadzaza, mupanga 6,000 zokha n'kugulitsa 8,000. Mwezi umenewo usenza ovahedi yake yonse kuphatikizapo 400,000 yomwe ikutuluka m'sitoko pamodzi ndi ndowa zakale, ndipo phindu ligwa kufika 800,000. Mudzayamba kufunsa ogulitsa kuti chalakwika n'chiyani, chikhalirecho agulitsa monga mwa nthawi zonse. Mukaphatikiza miyezi itatuyi njira zonse ziwiri zikupereka 3,600,000. Abusopushoni yangosuntha phindu kulichotsa mwezi wina kuliika mwezi wina.

Mungathe kutsimikiza nokha ndi cholembera. Tengani ovahedi yomwe ili m'katundu wotsala kumapeto kwa mwezi, chotsanipo yomwe inali m'katundu wa kumayambiriro. Yankho lake liyenera kufanana ndendende ndi kusiyana kwa phindu la abusopushoni ndi la valiyebo pa mwezi womwewo. Likapanda kufanana, ndiye kuti penapake m'mabuku pali cholakwika, ndipo pamenepo mpofunika kukhala pansi ndi akauntanti.

Nkhaniyi imandikhudza chifukwa ndinaionapo ndi maso pamalo ena pomwe ndinkagwira ntchito. Manijala wa fakitale ankalandira bonasi malinga ndi phindu la m'mabuku, ndiye chaka chikamatha makina ankagwira usana ndi usiku. Makatoni anadzaza mpaka m'njira yopita ku ofesi, moti tinkadutsa chammbali, ndipo a pansi anaphwanyika chifukwa cholemedwa. Bonasi inatuluka. Patapita miyezi iwiri tinasowa ndalama yogulira zipangizo, ndipo ena mwa katunduyo tinagulitsa motchipa atasuluka. Ngati muli ndi munthu amene mumamuyamikira poyang'ana phindu, liyang'aneni pa lipoti la valiyebo, chifukwa kumeneko phindu silikwera pokhapokha katundu atagulidwa.

Tsopano poti mumapanganso mabeseni, pali mbali ina yomwe ndi yoopsa kuposa ya sitoko. Katundu akakhala wamitundu iwiri, ovahedi iyenera kugawidwa pakati pawo, ndipo kagawidweko mumasankha ndinu. Tinene kuti pa mwezi mumapanga ndowa 6,000 ndi mabeseni 4,000, ovahedi ndi 2,000,000 yomwe ija. Beseni limadya 800 ya pulasitiki, wantchito ndi magetsi, ndipo mumaligulitsa 1,100. Mukagawa pongowerenga mitu, chinthu chilichonse chisenza 200: ndowa ikhala 700, beseni 1,000, ndipo beseni likuoneka kuti likubweretsa 100.

Koma bwanji ngati ndowa imakhala m'makina mphindi 2 pomwe beseni limakhala mphindi 7? Ndowa zonse zadya mphindi 12,000, mabeseni 28,000, pamodzi 40,000. Ovahedi ikugwa 50 pa mphindi iliyonse. Ndowa tsopano isenza 100 yokha n'kukhala 600, beseni lisenza 350 n'kukhala 1,150. Beseni lomwe lija, makina omwe aja, lendi yomwe ija, koma tsopano pepala likuti mukuluza 50 pa lililonse. Pa njira ziwirizi, ya mphindi ndiyo ili pafupi ndi choonadi ngati gawo lalikulu la ovahedi yanu ndi la makina. Ntchito ikakhala ya manja kwambiri, maola a antchito ndiwo oyenera. Funso lodzifunsa ndi lakuti kodi chimene chimachititsa kuti ndalama imeneyi ikhalepo n'chiyani.

Apa mpomwe ambiri amagwera m'mbuna. Akaona 1,150 amathamangira kusiya mabeseni. Koma beseni lililonse limasiya 300 mukachotsa 800 ija, ndiye mabeseni 4,000 amabweretsa 1,200,000 yothandiza kulipira lendi. Mukawasiya ndalama imeneyo ipita, lendi ikhalabe, kapitawo alandirabe, ndipo 2,000,000 yonse igwera pa ndowa 6,000, iliyonse pafupifupi 333. Mwezi wotsatira ndowa nazonso ziyamba kuoneka zodula. Ndiye ngati makina anu amakhala ndi nthawi yopuma, mabeseni asungeni.

Zimasintha makina akadzaza ndipo ogula ndowa akudikira pamzere. Pamenepo chosowa ndi mphindi, ndiye muziyerekeza zomwe mphindi imodzi ikubweretsa. Ndowa imasiya 400 pa mphindi 2, kutanthauza 200 pa mphindi. Beseni limasiya 300 pa mphindi 7, pafupifupi 43. Mphindi iliyonse yomwe mwapatsa beseni pamene ndowa ikanagulidwa mukutaya ndalama zambiri. Onani kuti pa ziganizo ziwiri zonsezi, nambala ya 1,000 kapena 1,150 sinatithandize. Yatithandiza ndi ndalama yotsala pa chinthu chilichonse, yomwe imaoneka poyera pa lipoti la valiyebo.

Musamve ngati ndikuti abusopushoni muitaye. Lamulo la kalembedwe ka mabuku lotchedwa IAS 2 limafuna kuti katundu wotsala awerengedwe ndi gawo lake la ovahedi ya m'fakitale, ndipo limati kagawidweko katsatire kuchuluka kwa katundu amene fakitale imapanga nthawi zonse zinthu zikamayenda bwino. Mwezi umene mwapanga zochepa, simuloledwa kukweza gawo la ndowa iliyonse. Ovahedi yotsalayo imachotsedwa pa phindu la nthawi yomweyo. Lendi ya ofesi, kutsatsa malonda ndi malipiro a ogulitsa sizilowa m'mtengo wa ndowa pa njira iliyonse mwa ziwirizi. Komanso poika mitengo ya chaka chonse, abusopushoni imakukumbutsani kuti 500 si malire oti muzigulitsirapo. Wogula mmodzi wofuna ndowa zambiri pa 620 mungamulandire makina akakhala opanda ntchito, chifukwa iliyonse isiya 120. Koma ogula anu onse akamva n'kufuna mtengo womwewo, ndowa 8,000 zibweretsa 960,000 yokha, yosakwana ngakhale theka la ovahedi.

Ntchito yovuta pokonza lipoti lachiwirili ndi kusiyanitsa ndalama zosintha ndi zosasintha, ndipo musamusiyire akauntanti yekha chifukwa fakitale mumaidziwa ndinu. Antchito olandira pa mwezi ndi ndalama yosasintha, ngakhale manja awo ndi amene amagwira ndowa. Magetsi amakhala pawiri. Tengani mabilu a miyezi 12, yerekezani mwezi womwe munapanga zambiri ndi womwe munapanga zochepa, mugawe kusiyana kwa mabiluwo ndi kusiyana kwa katundu. Bilu ikakhala 700,000 pa ndowa 10,000 ndi 500,000 pa ndowa 6,000, ndiye kuti ndowa iliyonse imadya 50, ndipo 200,000 yotsalayo mumalipira ngakhale musanayatse makina.

Lipotilo likhale la tsamba limodzi: malonda a ndowa ndi a mabeseni paokha, ndalama zosintha za chilichonse, zotsala, kenako ovahedi yonse pamzere umodzi osaigawa. Pansi pake alembepo katundu amene mwapanga, amene mwagulitsa ndi amene watsala. Mukapeza kuti ndowa zotsala zapitirira zomwe mumagulitsa pa sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo palibe oda yomwe mukuikonzekera, uzani kapitawo achepetse kupanga mwezi uno mpaka muluwo utsike, ngakhale phindu la m'mabuku a abusopushoni lioneke lochepa.