Sitima ya ku Oban, ku Scotland, imagawanika pa Crianlarich

"Amalume, Lachisanu ndikupita ku Oban kukayamba ntchito ija. Pa foni alemba kuti `This train divides at Crianlarich`. Ndiye kuti ndikatsike pamenepo n'kukwera ina? Mantha andigwira."

Ayi mwanawe, usatsike, ulakwitsa. Tamvera bwinobwino, ndalankhula m'malo molemba kuti ndifotokoze zonse.

Sitimayo ikamanyamuka pa Glasgow Queen Street imaoneka ngati imodzi, koma ndi sitima ziwiri zolumikizana, iliyonse ili ndi mutu wake woyendetsera. Zimayendera limodzi pafupifupi maola awiri mpaka pa Crianlarich, kasiteshoni kakang'ono ka pakati pa mapiri. Pamenepo njanji imapanga mphanda. Amazimasula, ina n'kulowera ku Oban, inayo kumtunda ku Fort William mpaka ku Mallaig. Ndiye ntchito yako ndi imodzi basi, kukhala mu bogi yoyenera. Ukatero sudzuka n'komwe pampando.

Tsopano apa ndi pamene anthu amapusira. Queen Street ndi pothera njanji. Ukadutsa pageti ndi tikiti yako, mabogi oyamba kuwapeza ndi a kumbuyo kwa sitima, chifukwa ikanyamuka imaloza kutali ndi geti. Munthu akamva kuti "mabogi a kutsogolo" amangolowa amene ali patsogolo pakewo, makamaka ngati wachedwa ndipo akuthamanga ndi zikwama. Nthawi zonse zimene ine ndakwera, mabogi a ku Oban anali kutsogolo kwenikweni, ndiye umayenda papulatifomu mpaka kumapeto uko. Komabe usadalire mawu angawa okha tsikulo. Yang'ana bolodi la musiteshoni, pamalembedwa mawu ngati `Front coaches for Oban`, nthawi zina ndi nambala ya mabogi ake. Si sitima zonse za ku Oban zimene zimagawanika, koma yakoyo poti alemba, igawanika ndithu.

Ukakhala pansi, kondakitala akamabwera kudzaona tikiti, usangomupatsa n'kukhala chete. Muuze kuti ukupita ku Oban, umufunse ngati bogi imene ulimoyo ndi yake. Funsolo amalimva tsiku ndi tsiku, palibe chochita nacho manyazi. Usafunse munthu wokhala naye pafupi, ambiri panjira imeneyi ndi alendo odzaona malo, mwinanso iwowo asokera.

Akakuuza kuti walakwitsa, usade nkhawa, nthawi ilipo yambiri. Zisanamasulidwe ukhoza kuyenda mkati momwemo kuchoka bogi ina kupita ina. Ungosamuka msanga, usadikire kuti mufike kaye. Siteshoni yomaliza musanafike pa Crianlarich ndi Ardlui, kumapeto kwa nyanja ya Loch Lomond. Ukaona dzina limenelo, ukhale uli kale pamalo pako, zomvera m'makutu zija wachotsa, kuti umve zimene akulengeza.

Ndipo katundu, eee, katundu! Chaka china ndinakwera ndi mayi wina wachikulire. Chisutikesi chake anachisiya pafupi ndi chitseko cha bogi imene analowera, poona kuti mwadzaza n'kupita kukapeza mpando kutsogolo. Iye anali mu bogi yoyenera, ya ku Oban. Titangonyamuka pa Crianlarich anadzuka kuti akatengemo juzi, n'kupeza kuti njira yatsekeka, kumbuyo kukungooneka njanji. Sutikesi inali pa ulendo wa ku Fort William, mankhwala ake ali momwemo. Ndinamva naye chisoni kwambiri mayi uja. Ndiye iwe, chikwama chikhale mu bogi imene wakhalamo, poti ukutha kuchiona. Pa Crianlarich usapite kuchimbudzi cha bogi ina, usatsikenso kukajambula mapiri.

Mukanyamuka pamenepo, tchera khutu ku dzina la siteshoni yotsatira. Mudzi wa Tyndrum uli ndi masiteshoni awiri, pa njanji iliyonse pali yake. Ukamva Tyndrum Lower, kenako Dalmally, uli pa njira ya ku Oban, kwatsala ola limodzi ndi mphindi zochepa. Ukamva Upper Tyndrum, wasokera. Uza kondakitala pompopompo, akuuze potsikira ndi nthawi ya sitima ina. Ubwino wake masiteshoni awiriwo munthu amatha kuyenda wapansi kuchoka pa ina kukafika pa inzake, kungotsetsereka n'kudutsa m'mudzimo. Koma ukazengereza n'kupitirira Bridge of Orchy, kutsogoloko ndi chipululu, Rannoch, kenako Corrour komwe kulibe ndi msewu womwe wa galimoto. Sitima za uko patsiku n'zowerengeka, ukhoza kudikira maola ambiri pachisanu.

Pobwerera ku Glasgow palibe vuto, zimangolumikizananso pa Crianlarich, iwe uli pheee pampando. Lachisanulo ukafike pa Queen Street kudakali mphindi 20 kapena 30, uyende mosathamanga mpaka kumapeto kwa pulatifomu. Ukaona Tyndrum Lower unditumizire uthenga muno, amayi ako nawonso amve kuti mtima ukhale pansi.