Mzere wa pa T ukuoneka mozilala pa chithunzi: mwana ali ndi malungo kapena ayi?

Kalata iyi ndailandira Lachiwiri kuchokera kwa mayi wina amene akugwira ntchito ku Joni:

"Achimwene, mwana wanga wa zaka 4 ali kumudzi ndi agogo ake. Watentha thupi kuyambira dzulo. Mng'ono wanga anagula kachipangizo koyezera malungo, wamuyeza n'kunditumizira chithunzi pa Watsapu, ndipo ndachiphatikiza pano. Mzere wa pa C ukuoneka bwinobwino koma wa pa T ukungooneka pang'ono kwambiri. Iye akuti ndi malungo ochepa, Panado akwanira. Mwanayu anamaliza LA masiku 18 apitawo. Ndichite chiyani? Sindikugona."

Mayi, pepani ndi matendawa. Ndiyambe ndi chofulumira: mwanayo apite kuchipatala lero, ndipo amene ampititse akanene pakhomo pomwe kuti anamwa LA masiku 18 apitawo. Ngati akukomoka, akusanza chilichonse chimene wadya kapena kumwa, akupuma mobanika, wafooka moti sangathe kukhala tsonga, akungogona osadzutsika bwino, kapena zikhatho zake zayera mbee, asadikire kuti kuche kapena kuti ndalama ya kabaza ikwane. Zikatero za mizere tiziiwale, mwanayo anyamulidwe.

Tsopano za chithunzicho. Ndachiyang'ana nthawi yaitali, ndipo kamzere kozilala kofiirira pa T ndikukaona. Lamulo limene aliyense woyeza malungo amaphunzitsidwa tsiku loyamba ndi lakuti mzere ndi mzere. Ukaoneka pa T mkati mwa nthawi yoyenera kuwerenga, C nayenso ali pomwepo, zotsatira zake n'zakuti magaziwo apezeka ndi chizindikiro cha malungo, kaya mzerewo ndi wofiira psuu kaya ndi wochita kuutsinzinira. Palibe zotsatira zotchedwa "malungo ochepa" pa kachipangizo aka.

Kuti mumvetse chifukwa chake, tiyeni tikatsegule kachipangizoko m'maganizo. Mkati mwa pulasitikiyo muli kapepala kakatali. Kadontho ka magazi, kochepa zedi, pafupifupi mamaikulolita 5, kamaikidwa m'kabowo kakang'ono, ndipo madontho a mankhwala a m'kabotolo amaikidwa m'bowo linalo. Mankhwalawo amaswa maselo ofiira a magazi n'kukankha zonse kuti ziyende m'kapepalamo monga momwe parafini amakwerera pa chingwe cha nyali. Pa ulendowo magazi amatenga timadontho ta utoto tomwe timamatirira ku puloteni yopangidwa ndi kachilombo ka malungo. Pa T pali msampha wogwira puloteni imeneyo yokha. Ikakhalapo, imakodwa pamodzi ndi utoto wake, mzere n'kutuluka. Ikapanda kukhalapo, utoto umangodutsa. Pa C, kumapeto kwa ulendo, pali msampha wina wogwira utotowo mulimonse, kaya munthu akudwala kaya ali bwino.

Ndiye C sanena kanthu za malungo. Ntchito yake ndi kuchitira umboni kuti madzi ayenda kapepala konse mpaka kumapeto. Ichi n'chifukwa chake C akapanda kuoneka, kachipangizoko timakataya n'kutenga kena, ngakhale T atawala chotani. Ndipo anthu ambiri amalakwitsa poyerekeza mizere iwiriyi, kumati "T sakufika pa C, ndiye sanadwale kwenikweni." Mizereyi si mpikisano. C amakhala wowala pafupifupi nthawi zonse chifukwa utoto womukwanira ulipo kale m'kapepalamo.

Nanga T amazilala chifukwa chiyani? Kawirikawiri puloteni ija imakhala yochepa m'kadonthoko. Mwina matenda angoyamba kumene ndipo tizilombo sitinachuluke. Zipangizozi zimayesedwa mphamvu pa tizilombo 200 m'maikulolita imodzi ya magazi, ndipo pamlingo wotere mzere wozilala si wachilendo. Koma tizilombo ta mtundu wa falusiparamu, umene umadwalitsa anthu ambiri ku Malawi, timachulukana kangapo pa maola 48 aliwonse. Mzere wozilala wa Lachiwiri ukhoza kukhala mwana wokomoka wa Lachisanu. Mwinanso woyezayo anatenga magazi osakwanira, kapena kachipangizoko kanakhalitsa potentha, pa shelefu yoombedwa dzuwa pansi pa malata. Palinso china chosachitikachitika koma choopsa: tizilombo tikachuluka mopitirira muyezo, puloteniyo imadzaza misampha yonse mwakuti utoto umalephera kukodwa bwino, ndipo mzere umatuluka wofooka pa mwana amene wadwalika kwambiri. Choncho kuwala kwa mzere si sikelo ya kukula kwa matenda. Kukula kwa matenda timakuona pa mwanayo, osati pa pulasitiki. N'chimodzimodzinso mankhwala: LA amaperekedwa potengera kulemera kwa mwana, kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, ndipo palibe theka la mankhwala la mzere wozilala.

Zikanathera apa, yankho likanakhala lalifupi. Koma m'kalata yanu muli masiku 18 aja, ndipo pamenepo ndi pamene pagona nkhani.

Zipangizo zambiri zimene zakhala zikugwiritsidwa ntchito ku Malawi kuchokera pamene boma linazifalitsa m'zipatala mu 2011 zimasaka puloteni yotchedwa HRP2. Muuzeni mng'ono wanuyo ayang'ane pa kapaketi. Akaona HRP2, kapena zilembo za Pf zokha, kawirikawiri ndi mtundu womwewu. Vuto la HRP2 ndi lakuti imachedwa kuchoka m'magazi. LA akagwira bwino ntchito, tizilombo timatha m'masiku awiri kapena atatu, koma puloteni imene tinasiya imatsalira milungu iwiri, itatu, inayi, nthawi zina kupitirira mwezi, makamaka kwa ana amene anali ndi tizilombo tambiri. Ili ngati phulusa la pa mafuwa: likusonyeza kuti panali moto, koma silikuuzani ngati ukadayaka. Ndipo pamene ikutha pang'onopang'ono, mzere umene imatulutsa umakhala wotani? Wozilala, ndendende ngati wa pa chithunzi chanu.

Kamzere kamodzi komweka, tsono, kangatanthauze zinthu zitatu pa mwana wanu. Kangakhale phulusa la malungo akale pamene chikumutenthetsa thupi lero ndi china, monga chibayo, khutu, zilonda za kukhosi kapena matenda a m'njira ya mkodzo. Kangakhale malungo akale amene sanathe, mwina chifukwa anasanza mapiritsi ena, anadumphitsa, kapena anamwa m'mimba mopanda kanthu, pakuti LA amalowa bwino m'thupi akamwedwa ndi mkaka kapena chakudya cha mafuta monga phala la nsinjiro. Kangakhalenso malungo atsopano, udzudzu sunapite kutchuthi chifukwa mwana wamwa mankhwala. Kachipangizo ka HRP2 sikangasiyanitse zitatuzi. Kugula kena n'kuyezanso mawa sikuthandiza, kadzanena zomwezo.

Chimene chimasiyanitsa ndi kuyeza magazi pa galasi, kuyang'ana ndi maikulosikopu, chifukwa pamenepo woyeza amaona tizilombo tenitenito n'kutiwerenga. Malungo akabwerera pasanathe masiku 28 chimwereni mankhwala, amaganiziridwa kuti mwina mankhwala oyamba sanagwire, ndipo akatsimikizika pa galasi adokotala angapereke mankhwala a mtundu wina m'malo mobwereza LA. Galasi likapanda kuonetsa kanthu, amafufuza chifuwa, makutu, kukhosi ndi mkodzo. N'chifukwa chake ndikuti apite kuchipatala chimene chili ndi labu, kapena akapemphe kalata yowatumiza kumeneko, ndipo atenge buku la kuchipatala la mwanayo kuti tsiku limene anayamba LA lioneke. Chimene ndikukupemphani kwambiri n'chakuti asagule LA wina pa golosale n'kumupatsa chifukwa cha chithunzichi. Ndinaonapo mwana wobwera atamwetsedwa LA kawiri motsatizana kunyumba chifukwa mzere "sunkachoka", pamene chimene chinkamudya chinali chibayo. Nthiti zinkachita kulowa mkati akamapuma. Anachira, koma masiku amene anatayika aja amandiwawabe.

Ndinenepo za chithunzi chenichenicho, chifukwa chili ndi malire ake. Funso loyamba limene ndimafunsa aliyense wonditumizira chithunzi ndi lakuti: munajambula patapita mphindi zingati chithirireni madontho? Zipangizo zambiri zimawerengedwa pakatha mphindi 15 kapena 20, ndipo siziyenera kuwerengedwanso nthawi yolembedwa pa kapepala ka malangizo ikadutsa, imene pa zina ndi mphindi 30. Kapepala kakayamba kuuma, zotsalira za magazi ndi utoto zimatha kukhazikika pa T n'kupanga kamzere kabodza, kamene kamakhalanso kozilala. Nthawi imene mukuiona pa Watsapu ndi yotumizira, osati yojambulira. Ngati mng'ono wanu anayeza m'mawa, n'kupita kudimba, n'kudzajambula masana atapeza netiweki pa chulu, chithunzicho sichingawerengedwe ngakhale ndi katswiri. Mufunseni mwachifatse, osati momuimba mlandu. Wachita bwino kuyeza m'malo mongoganizira.

Kamera nayo imanama mbali zonse ziwiri. Watsapu amachepetsa chithunzi kuti chipite msanga, ndipo kamzere kofooka kamene maso akukaona kakhoza kufufutika. Kuwala kwa fulashi kumagunda pa kawindoko n'kuyeretsa chilichonse. Kujambula chopendekera kumabweretsa mthunzi wa m'mphepete mwa pulasitiki umene umaoneka ngati mzere. Pa chanucho ndayang'ana zinthu zitatu: kamzereko kali ndi mtundu wofiirira, osati wotuwa ngati mthunzi; kali moyang'anizana ndi chilembo T; ndipo kadutsa m'lifupi monse mwa kapepala, n'kukula mofanana ndi ka C. Kumbuyo kwakenso n'koyera. Kukanakhala kofiira paliponse ndikanati magazi anachuluka kapena anajambula nthawi isanakwane. Choncho ngati chinajambulidwa pa nthawi yake, ndikuuwerenga ngati mzere weniweni.

Tsiku lina akadzayezanso wina pakhomopo, alembe ndi bolopeni pa pulasitikipo dzina ndi nthawi imene wathira madontho, atchere alamu pa foni, ndipo ikalira aike kachipangizoko pathyathyathya pa pepala loyera, pakhonde pamene pali kuwala koma popanda dzuwa lachindunji. Awerenge kaye ndi maso ake, ndipo akatero ajambule kuchokera pamwamba, osayatsa fulashi, zilembo C ndi T zikuoneka. Maso a munthu amene wagwira kachipangizoko pa mphindi yoyenera amaposa chithunzi chilichonse, ndiye akati "ndauona," mukhulupirireni iyeyo kuposa ine.

Panado amupatse ndithu pa mlingo wa msinkhu wake kuti thupi lizizire pa ulendowo, ndi madzi akumwa pafupipafupi. Koma akazizidwa n'kuyamba kusewera, agogo asanene kuti wachira n'kubwerera panjira. Mundilembere mukamva zimene galasi lanena.