Musanasamutse webusaiti ya kampani, yambani mwaona za imelo

"Aphungu, ndikuphunzira zamakompyuta ku Yunivesite ya Malawi ndipo ndili pa atachimenti pa loji ina kuno ku Zomba. Abwana akuti ndisamutsire webusaiti ndi imelo ku kampani ina yosunga mawebusaiti. Ndiyang'ane chiyani ndisanayambe?"

Yambani ndi kufunsa abwana kuti domeni inalembetsedwa m'dzina la ndani, ithera liti, ndipo pasiwedi yake akusunga ndani. Kawirikawiri imapezeka ili m'manja mwa amene anapanga webusaitiyo, yemwe anachoka kalekale. Zikakhala choncho, imani kaye mpaka mumupeze.

Kenako lembani marekodi a DNS monga alili lero. Pamene pali example.com ikanipo domeni yanu:

```
dig example.com A +short
dig example.com MX +short
dig example.com TXT +short
```

Webusaiti ikafa aliyense amaona nthawi yomweyo, koma imelo imatayika mwakachetechete, n'chifukwa chake ine ndimadera nkhawa kwambiri MX, rekodi yonena kumene makalata afikire. Tinene kuti yankho labwera `0 example.com.` Ndiye kuti makalata amatsata rekodi ya A. Mukangoisintha kuti iloze ku seva yatsopano, makalata a alendo ofuna zipinda apitanso komweko, ndipo ngati simunatsegule maakaunti a imelo kumeneko, abwerera kwa eni ake. Choncho lembani maadiresi onse a pa lojipo, ngakhale amene amangopatsira makalata kwina, muwatsegule ku seva yatsopano, mukoperenso makalata akale. Koma mukaona `aspmx.l.google.com`, imelo ili ku Google ndipo siyikusamuka. Ntchito yanu n'kukopera MX yomweyo osasintha kanthu, poti makampani ambiri amaika yawoyawo mukangotsegula akaunti.

Mu TXT fufuzani mzere woyamba ndi `v=spf1`. Ukakhala `v=spf1 ip4:203.0.113.10 -all`, seva yakale yokhayo ndi imene ili ndi chilolezo chotumiza makalata m'dzina la loji. Mukapanda kuonjezapo nambala ya seva yatsopano, makalata anu azikanidwa kapena kugwera mu Spam. Onjezani mu mzere womwewo, chifukwa mizere iwiri ya SPF imaononga zonse. Kiyi watsopano wa DKIM, wosainira makalata anu, mumutenge ku kampani yatsopanoyo.

Onaninso TTL, masekondi amene maseva ena amasunga rekodi. Imaoneka mukachotsa `+short` pa dig. Ikakhala 86400, maseva ena asunga adiresi yakale tsiku lathunthu. Itsitseni ifike 300, mudikire tsiku limodzi, kenako musamuke.

Mukatha, tumizani kalata kuchokera pa imelo ya loji kupita ku adiresi ya Gmail, mutsegule `Show original`, muone ngati SPF ndi DKIM zalembedwa `PASS`, kenako muyankhe kalatayo kuti mutsimikize kuti ikufika. Muwauze abwana asathetse msanga mgwirizano ndi kampani yakale. Apirire kulipira mbali ziwiri kwa sabata imodzi kapena ziwiri, inu muziyang'ana ku seva yakale ngati kwagwera makalata otsalira.