Mwana watentha thupi masiku atatu, anesi ndiwalembere chiyani?

"Mwana wanga wa zaka zitatu watentha thupi, lero ndi tsiku lachitatu. Ndikam'patsa panado kumatsika, kenako kumabwereranso. Ndili ndi nambala ya anesi a kukiliniki kwathu koma sindikudziwa kuti ndiyambire pati. Ndithandizeni mawu oti ndilembe."

Mayi mnzanga, mawu ndikupatsani, koma lembani muli kale panjira yopita kukiliniki. Malungo saoneka pa foni. Amam'baya pachala, kadontho ka magazi amakaika pa kachipangizo kaja, ndipo zotsatira zimatuluka pakatha mphindi 15 kapena 20. Mwana akatentha thupi amayenera kuyezedwa pasanathe maola 24, ndiye inu mwachedwapo kale. Uthengawo ntchito yake ndi yoti anesi adziwe msanga ngati mwana angakhale pamzere kapena akufunika kulowa pompopompo.

Ine ndinaphunzira movutikira. Wanga wachiwiri atadwala ndinalemba madzulo kuti "wayamba dzana, dzulo anali bwinoko, lero wayambiranso." Anesi anauona uthengawo m'mawa mwake, poti tsiku lonse anali ku sikelo. Dzana langa linasanduka dzana lawo, tsiku lathunthu linasowa pakati, ndipo anaganiza kuti matenda ndi atsopano kuposa mmene analili. Kuyambira pamenepo sindilembanso dzulo kapena dzana. Ndimatchula tsiku ndi dzina lake, Lolemba, Lachiwiri, pamodzi ndi ola. Usiku ndiye umasokoneza kwambiri: 2 koloko usiku wina amauwerengera tsiku lapita, wina tsiku likubweralo. Lembani kuti "usiku wa Lachiwiri kuchera Lachitatu," palibe angasochere.

Uthenga wanu ungakhale chonchi, manambalawo muikepo anu:

"Mwadzuka bwanji anesi. Ndine mayi wa mwana wamwamuna wa zaka 3, sikelo yomaliza anali makilo 14. Watentha thupi kuyambira Lolemba madzulo. Panopa, Lachitatu 9 koloko m'mawa, ali pa 38.4, ndi wofooka koma akuyankha ndikamuitana ndipo akumwa madzi pang'onopang'ono. Sanakomoke, khosi silinaume.

Lolemba: anayamba cha m'ma 6 koloko madzulo, 38.2. Ndinam'patsa theka la piritsi la panado la 500 mg nthawi ya 7 koloko. Anagona bwino.

Lachiwiri: m'mawa anali pa 37.1, anadya phala, anasewera. 3 koloko masana anayamba kunjenjemera, 39.0, panado theka. 11 koloko usiku 38.8, anasanza kamodzi, atatha kusanza ndinam'patsa panado theka.

Lachitatu: 6 koloko m'mawa 39.3, panado theka. Phala wakana. Wakodza kamodzi chidzukireni, mkodzo wachikasu kwambiri.

Sakutsokomola, sakutsegula m'mimba, alibe zotupa pakhungu. Mankhwala ena sindinam'patse. Masabata awiri apitawo tinagona ku Salima masiku atatu opanda neti. Ndikubwera naye tsopano. Ndifikire pamzere kapena kwa inu?"

Mwaona kuti mmene alili panopa ndaika pamwamba. Anesi amawerenga foni ataimirira, wodwala wina akuvula malaya, wina akugogoda pachitseko. Akangowerenga mizere itatu yoyamba akhale atadziwa msinkhu, kulemera, tsiku loyambira, ndi ngati mwana ali pangozi. Makilo ndi ofunika chifukwa mlingo wa mankhwala a ana, kaya panado kaya LA, umatsata kulemera kwa mwana. Onani m'buku lake la kuchipatala, nambala yomaliza ilimo.

Pomwe ambiri timalakwitsa ndi pa panado. Panado amatsitsa kutentha kwa maola anayi mpaka asanu ndi limodzi, koma sachiza chimene chikutenthetsa thupilo. Ndiye 38.4 wa 9 koloko uja, pawokha, akuoneka ngati wabwinoko. Koma anesi akaona kuti mwana anamwa panado 6 koloko, amvetsa kuti ngakhale mankhwala ali m'thupi kutentha sikunatsike kwenikweni, ndipo imeneyo ndi nkhani ina. N'chifukwa chake nambala iliyonse iyende ndi ola lake, ndipo ola la mankhwala likhale pambali pake. Muziyeza kaye musanam'patse panado. Lachiwiri m'mawa lija, pamene anasewera, musalisiye poganiza kuti n'losafunika. Kutentha kopita n'kubwera kumatipusitsa kuti wachira, ndipo anesi amafuna kuona kayendedwe konseko.

Ngati mulibe choyezera kutentha, musapeke nambala. Lembani kuti mwangom'gwira ndi dzanja, ndipo fotokozani zimene maso aona: ankanjenjemera mpaka mano kugundana, thukuta linanyowetsa chitenje, anakana bere kapena phala. Ngati muli nacho, cha m'khwapa chija, nenani kuti mwayeza m'khwapa. Kuchipatala 37.5 ya m'khwapa amaiwerenga kale kuti thupi latentha.

Musalembe kuti "ali ndi malungo." Kwathu kuno thupi likangotentha timati malungo, koma chibayo, khutu la mafinya, zilonda zapakhosi, matenda a m'njira ya mkodzo ndi taifodi zonse zimatenthetsa thupi. N'chifukwa chake mzere wa zimene alibe uja uli wofunika ngati wa zimene ali nazo. Za ulendo nazonso nenani, poti udzudzu ukaluma, malungo amatenga sabata kapena kuposerapo kuti aonekere.

Pa mankhwala, chonde musabise. Ndikudziwa manyazi ake, tonse timaopa kukalipiridwa. Koma ngati munam'patsa LA wotsala wa mkulu wake, kapena bakitirimu wa kugolosale, kapena mankhwala azitsamba ochokera kwa agogo, lembani dzina, kuchuluka ndi ola. LA wotsala angathe kuchepetsa tizilombo m'magazi osatimaliza, anesi n'kusokonezeka poona zotsatira. Komanso ngati mwana anadwala malungo mwezi womwewu n'kumaliza LA, nenani tsiku lake, chifukwa kachipangizo ka pachala kamatha kuonetsabe malungo kwa masabata angapo munthu atachira.

Pali nthawi yoti foni muiike m'thumba, mubereke mwana, mukwere kabaza. Ngati wakomoka kapena akugwedezeka thupi, akukanika kumwa kapena kuyamwa, akusanza chilichonse chimene walowetsa, akungogona osadzuka bwinobwino, khosi lauma, zikhatho zayera mbee, mkodzo wada ngati tiyi wopanda mkaka, kapena akupuma mobanika m'munsi mwa chifuwa mukulowa m'kati, musadikire yankho. Kupuma mutha kuwerenga nokha ali phee, kwa mphindi imodzi yathunthu: kwa mwana wa zaka zitatu, kupuma ka 40 kapena kuposa ndi kothamanga. Mukafika nenani chizindikirocho pakhomo pomwe, musakhale pabenchi kudikira mwaulemu. Kwa ena amene mukuwerenga, khanda losakwana miyezi iwiri kapena mayi woyembekezera akatentha thupi, palibe za masiku atatu, ndi tsiku lomwelo.

Tumizani uthenga umodzi wolemba, osati mawu ojambula a mphindi zinayi, poti anesi sangaike foni kukhutu pamaso pa wodwala. Akapanda kuyankha musakhumudwe, mwina ali m'chipinda chochilira. Mukalowa kwa adokotala, tsegulani uthenga womwewo muwawerengere. Tengani buku la mwana, paketi ya panado imene mwakhala mukum'patsa, ndi madzi akumwa a panjira. Mukabwerako mutiuze kuti am'peza ndi chiyani.